Kufufuta ngongole yosabwezeka ndi kuyerekeza ngongole zokayikitsa: mafunso ndi mayankho kwa amalonda a ku Zomba

Mafunso awa amafunsidwa kwambiri chaka cha bizinesi chikamatha, makamaka ndi eni mahadiweya, mashopu a pikulitsa ndi ena onse amene amapereka katundu lero n'kudikira ndalama mwezi wamawa. Kuti nkhani imveke, titsatira chitsanzo chimodzi chongoyerekeza: hadiweya ya mayi wina m'tauni ya Zomba, yomwe imatseka mabuku pa 31 Disembala. Pa tsikuli mu 2024, anthu onse amene anatenga katundu pa ngongole anali asanalipire K18,000,000. Manambala onse a m'chitsanzochi mulibe VAT.

Kodi kufufuta ngongole m'mabuku ndi kumukhululukira munthu?

Ayi. Mukafufuta invoisi, mwangovomereza m'mabuku anu kuti ndalamayi simukuiyembekezeranso, ndiye isapitirire kuwerengedwa ngati chuma cha bizinesi. Kasitomala uja akadali ndi ngongole. Mutha kupitiriza kumulondalonda, mutha kumusumira, ndipo akabweretsa ndalama mumalandira. Palibenso chifukwa chomuuzira kuti mwafufuta, chifukwa akangomva, ngakhale kochepa komwe akanabweretsa sikabweranso.

Kukhululuka ndi nkhani ina: mumagwirizana naye, kawirikawiri polemberana, kuti asadzalipirenso, ndipo mukatero mwataya ufulu womulipiritsa.

Nanga ngongole yosabwezeka imasiyana bwanji ndi yokayikitsa?

Yosabwezeka ndi imene muli ndi umboni woti yapita. Yokayikitsa ndi imene mwina ibwera, mwina sibwera, kapena ibwera yoperewera. Yoyambayo imachoka pa akaunti ya kasitomala. Yachiwiriyo imakhalabe pa dzina lake yonse yathunthu, sitetimenti n'kumapitabe kwa iye mwezi ndi mwezi, koma inu mumatsegula akaunti ina pambali yosonyeza gawo la ngongole zonse lomwe mukuona kuti simudzatolera. M'mapulogalamu a pakompyuta akauntiyi imaoneka ndi dzina loti `Allowance for Doubtful Accounts`. Pa balansi shiti, pepala losonyeza chuma ndi ngongole za bizinesi, imachotseredwa ku ngongole zonse, n'kutsala ndalama imene mukuyembekezeradi kuigwira m'manja.

Ambiri akamva za akauntiyi amaganiza kuti ndi ndalama zosungidwa ku banki kapena m'kabati zodikira tsiku latsoka. Mulibe ngakhale tambala. Ndi chiyerekezo cholembedwa basi, chimene chimatsitsa phindu la chaka chino kuti mwini bizinesi asadye phindu lomwe kulibe.

Ndingadziwe bwanji kuti invoisi yafika poti ndiifufute?

Kukalamba kwa invoisi pakokha si umboni. Funso ndi lakuti, kodi pali njira ina yomveka yotolerera ndalamayi imene simunayese, ndipo mtengo woyesera njirayo ndi wochepa kuposa ndalamayo?

Tiyeni tione invoisi imodzi ya mayi wa hadiweya uja. Mu Malichi 2023 kontilakitala wina anatenga malata, misomali ndi simenti za K1,200,000 kuti akafolere nyumba cha ku Jali, nalonjeza kulipira pakatha masiku 30. Mu fayilo yake muli invoisi, muli kapepala kosainira kuti katundu anafika, muli makalata awiri okumbutsa, ndiponso kalata ya loya yomupatsa masiku oti alipire. Kalata ya loyayo inabwerera osatsegulidwa. Kaofesi kamene ankachita lendi ku Chinamwali mukugulitsidwa zovala tsopano, ndipo mwini nyumba akuti nayenso anasiyidwa ndi lendi ya miyezi ingapo. Mwini nyumba ya ku Jali uja anaonetsa malisiti oti iye anamulipira kontilakitalayo zonse ntchito isanathe. Foni sikugwira. Galimoto imene ankayendera inali yobwereka. Apa ngakhale mayiyu atapita kukhoti n'kupambana, sherifi akapeza chiyani choti alande? Iyi ndiye ngongole yoyenera kufufuta.

Zizindikiro zina zamphamvu ndi monga kampani kuthetsedwa mwalamulo popanda chotsala chogawira okongoza, kapena munthu kumwalira osasiya chuma choti n'kubwezera. Ngongole yaing'ono nayo imatha kufufutidwa ngati kuilondola kungadye ndalama zambiri kuposa iyo. Simungalembe loya chifukwa cha K15,000.

Chimene ndimachitsutsa ndi kufufuta chifukwa cha manyazi. Munthu ndi wa ku mpingo kwanu, kapena ndi mlamu wanu, ali ndi minibasi ikuyenda msewu wa Zomba ndi Liwonde, koma mukuopa kumukumbutsa. Imeneyo si ngongole yosabwezeka. Ngati mwasankha kumusiyira, lembani ngati katundu amene mwini bizinesi watenga yekha, osati kutayika kwa bizinesi.

Mabungwe ena amachedwa kulipira chaka chathunthu. Kodi zimenezo ndi zokayikitsa?

Mu Zomba muno, amalonda ambiri amadalira maoda a masukulu, makoleji, zipatala ndi maofesi, ndipo malipiro a malo otere amatha kuchedwa kwambiri. Kuchedwa ndi kusalipira ndi zinthu ziwiri. Ngati muli ndi oda yosainidwa, umboni woti katundu analandiridwa, ndipo a ku akaunti yawo akuvomereza kuti invoisi yanu ili pamzere, musaifufute. Ikani makasitomala otere m'gulu lawolawo powerengera, chifukwa mbiri yawo ndi yosiyana ndi ya makontilakitala ang'onoang'ono.

Choopsa ndi katundu amene anatuluka pa mawu apakamwa a munthu mmodzi wa mu ofesi, popanda oda. Munthuyo akasamutsidwa, wolowa m'malo amati sakuidziwa. Invoisi yotere ndi yokayikitsa ngakhale dzina la bungwelo likhale lalikulu chotani.

Pali kutayika kwina komwe akaunti ya ngongole zokayikitsa sikuonetsa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anakongoza simenti mwezi wa Okutobala chaka chimenecho n'kudzalandira ndalama zake zonse miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake, m'mabuku sanataye kanthu, koma ndalamazo sizikanagulanso matumba omwe anapereka. Vuto limeneli limathetsedwa pa mtengo ndi pa masiku amene mumalola ngongole, osati pokweza chiyerekezo.

Chiyerekezocho ndingachiwerengere bwanji?

Yambani ndi kuchotsa zimene mwatsimikiza kuti zapita. Mayi uja akachotsa K1,200,000 ya kontilakitala, ngongole zotsala ndi K16,800,000.

Kenako yang'anani makasitomala akuluakulu mmodzimmodzi, makamaka amene mukudziwa kuti ali pamavuto. Pa mndandanda wa mayiyu pali bambo wina wa shopu ku Songani amene ali ndi ngongole ya K2,000,000. Shopu yake inabedwa, wayambanso pang'onopang'ono, amabwera yekha kudzapepesa ndipo nthawi zina amasiya kangachepe. Atakhala naye pansi n'kuona momwe malonda ake akuyendera, mayiyu akuona kuti adzapezapo mwina theka. Choncho pa dzina la bamboyu akuika K1,000,000 ngati yokayikitsa, ndipo akulemba zifukwa zake pa pepala n'kuliika mu fayilo.

Zotsala, K14,800,000, ndi za anthu ambiri amene simungawayeze payekhapayekha. Izi mumazigawa potengera nthawi imene yadutsa chiperekereni invoisi, n'kupatsa gulu lililonse peresenti yake. Za masiku 30 kutsika pansi ndi K8,000,000, ndipo pa 1 peresenti zikupereka K80,000. Za masiku 31 mpaka 90 ndi K4,000,000, pa 5 peresenti ndi K200,000. Za masiku 91 mpaka 180 ndi K2,000,000, pa 20 peresenti ndi K400,000. Zopitirira masiku 180 ndi K800,000 yokha, koma pa 50 peresenti nazonso zikupereka K400,000. Zonse pamodzi ndi K1,080,000. Mukaphatikiza ndi K1,000,000 ya bambo wa ku Songani, akaunti ya ngongole zokayikitsa iyenera kukhala ndi K2,080,000 pa 31 Disembala, ndipo ngongole zimene zioneke pa balansi shiti ndi K14,720,000.

Mu Excel, ngati ndalama za magulu anayiwo zili pa B2 mpaka B5 ndipo maperesenti ali pa C2 mpaka C5, fomula yake ndi iyi:

```
=SUMPRODUCT(B2:B5,C2:C5)
```

Samalani kuti bambo wa ku Songani asalowenso m'magulu aja. Akawerengedwa kawiri, chiyerekezo chimafufuma popanda chifukwa.

Maperesentiwo amachokera kuti? Kodi pali olamulidwa?

Palibe lamulo lonena kuti ikani 5 kapena 20. Amene ali m'chitsanzochi ndi a chitsanzo basi, musawakopere. Anu amachokera m'mabuku anu akale. Tengani mndandanda wa ngongole wa pa 31 Disembala zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, n'kulondola kuti mwa zimene zinali m'gulu lililonse, ndi zingati zimene sizinalipidwe mpaka lero. Ngati m'gulu la masiku 91 mpaka 180 munali K1,500,000 ndipo K300,000 inapitiratu, ndiye 20 peresenti imeneyo.

Mukapeza manambala a m'mbuyo, asintheni malinga ndi zimene mukuona kutsogolo. Ngati makasitomala anu ambiri ndi a mashopu a ku Jali, Mayaka ndi Thondwe amene malonda awo amadalira zokolola, chaka cha chilala kapena cha madzi osefukira mbiri ya zaka zabwino singakuuzeni zoona. Chimodzimodzi amene amakongoza anthu a bizinesi ya nsomba ku Kachulu: nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 2018, ngongole zawo zimasintha nkhope nthawi imodzi. Amene amadalira ana a sukulu ya ukachenjede amadziwanso kuti sukulu ikatsekedwa mosayembekezeka, ma hositelo ndi malesitilanti a ku Chikanda amavutika kulipira.

Makampani amene amatsata IFRS 9, ndondomeko ya padziko lonse ya kalembedwe ka mabuku a ndalama, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, amayenera kuyerekeza kutayika kuyambira tsiku lomwe ngongole yaperekedwa, ngakhale kasitomala asanachedwe, n'chifukwa chake gulu la masiku 30 nalo lili ndi kaperesenti kake. Ndondomeko ya makampani ang'onoang'ono imafuna kuti pakhale kaye chizindikiro chooneka choti ndalama yavuta. Wowerengera mabuku anu, ngati ndi membala wa ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno, akuuzani imene bizinesi yanu ikutsata, ndipo mukasankha njira musamaisinthesinthe chaka ndi chaka.

Nanga zimalembedwa bwanji m'mabuku?

Mayi uja anayamba chaka cha 2024 ali ndi K1,500,000 mu akaunti ya ngongole zokayikitsa, yochokera chaka chatha. Pofufuta invoisi ya kontilakitala, akutapa mu akaunti imeneyi, n'kuchotsa ndalamayo pa `Accounts Receivable`, akaunti ya ngongole za makasitomala. `Dr` ndi debiti, `Cr` ndi kirediti:

```
Dr  Allowance for Doubtful Accounts   1,200,000
Cr  Accounts Receivable               1,200,000
```

Onani kuti pamenepa phindu silinakhudzidwe. Kutayikako kunawerengedwa kale pamene chiyerekezo chinkaikidwa. Mu akaunti muja mwatsala K300,000. Koma kuwerengera kwa pa 31 Disembala kwati muyenera kukhala K2,080,000, ndiye pakuperewera K1,780,000. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumalowa ngati chotayika cha chaka chino:

```
Dr  Bad Debt Expense                  1,780,000
Cr  Allowance for Doubtful Accounts   1,780,000
```

Ambiri amene anaphunzira akaunti kuno anazolowera njira ina: invoisi yofufutidwa imapita molunjika ku zotayika, K1,200,000, kenako akaunti ya zokayikitsa imakwezedwa kuchoka pa K1,500,000 kufika pa K2,080,000, komwe ndi kuwonjezera K580,000. Phatikizani ziwirizi, mupeza K1,780,000 yomwe ija. Njira zonse ndi zolondola. Cholakwika ndi kuzisakaniza.

Kusakanizako kumaoneka chonchi: munthu amatumiza K1,200,000 ku zotayika, kenako n'kulembanso K2,080,000 yonse ngati chotayika chatsopano, kuiwala kuti mu akaunti munali kale K1,500,000. Zotayika zimakhala K3,280,000, ndipo akaunti ya zokayikitsa imafika K3,580,000. Njira yozindikirira ndi yapafupi: mukamaliza kulemba, tsegulani akauntiyo muone ngati ndalama yotsalamo ikufanana ndendende ndi imene munawerengera. Ngati sizikufanana, penapake mwalemba kawiri.

Chaka china kuwerengera kumatha kupereka nambala yochepa kuposa imene ili kale mu akaunti. Zikatero mumatembenuza, kutsitsa akauntiyo, ndipo phindu limakwera ndi kusiyanako.

Bwanji osangodikira kuti ngongole ife, n'kuifufuta nthawi yomweyo, osavutika ndi chiyerekezo?

Kwa wa golosale amene ngongole zake zonse zili m'kope limodzi ndipo sizifika pa ndalama yoti n'kugwedeza bizinesi, zimenezo zikhoza kukwanira. Koma taonani invoisi ya kontilakitala ija. Phindu lake linawerengedwa mu 2023, chaka chimene katundu anatuluka. Popanda chiyerekezo, 2023 ikanaoneka yonona kuposa momwe inaliri, mayiyu n'kutapa ndalama zomangira nyumba poganiza kuti wapindula, kenako 2024 n'kusenza katundu yemwe si wake. Banki nayo ikamaona mabuku anu pofuna kukubwereketsani, imafunsa kuti mwa K18,000,000 yomwe mukuti anthu akusungirani, ndi zingati zenizeni.

Pali phindu linanso. Mndandanda wa magulu uja umakukakamizani kuyang'ana maina. Ngati pa K100 iliyonse ya malonda mumatsala ndi K10, kuti mubweze K1,200,000 yotayika muyenera kugulitsa katundu wa K12,000,000 n'kulipidwa yense. Munthu akaona nambala imeneyi pa pepala, sachedwa kuletsa katundu kwa kasitomala amene wadutsa masiku 90.

Kodi ndingangodilita invoisiyo mu kompyuta, kapena kulemba kirediti noti?

Musadilite. Malonda anachitika, katundu anatuluka mu sitoko, ndipo invoisi ili ndi nambala yake pa mzere wa zinzake. Ikasowa, malonda a chaka chimene chija amasintha, sitoko sigwirizana, ndipo umboni wanu wa kukhoti wapita.

Kirediti noti ndi ya pamene mtengo wa malonda wasinthadi: katundu wabwezedwa, munalakwitsa mtengo, kapena mwagwirizana zochotsera chifukwa malata ena anafika opindika. Imeneyo si ngongole yosabwezeka, ndi malonda amene achepa. Mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito fomu ya `Credit Memo` potseka invoisi yofufutidwa. Ngati yanu ili choncho, onetsetsani kuti mzere wa pa fomuyo ukuloza ku akaunti ya zotayika kapena ya zokayikitsa, osati ku malonda, komanso kuti sikubweza katundu mu sitoko kapena kutsitsa VAT mwa iyo yokha.

Nanga za msonkho?

Mabuku anu ndi kuwerengera kwa msonkho sizimayenda limodzi nthawi zonse. A MRA amayang'ana ngongole imene ili ndi dzina, imene inawerengedwa kale ngati malonda anu, ndipo muli ndi umboni woti munayesetsa kuitolera. Fayilo ya kontilakitala ija, ndi makalata ake ndi envulopu yobwerera, ndi imene imalankhula pamenepo. K1,080,000 ya maperesenti ndi chiyerekezo cha chisawawa chopanda dzina la munthu, ndipo chotere chimabwezeredwa pa phindu powerengera msonkho, ngakhale kuti m'mabuku ndi cholondola. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga magawo awiriwa mosiyana kuyambira pachiyambi.

Ngati ndinu olembetsedwa pa VAT, msonkho wa pa invoisi ija munaupereka kale pa nthawi ya malonda, ndalama musanailandire. Kufufuta invoisi m'mabuku anu sikukupatsani chilolezo chongodzichotsera msonkhowo pa fomu ya mwezi uno. Imeneyo ndi nkhani yapayokha yoti ipite ku MRA ndi mapepala ake.

Ndipo ngati mumalemba malonda pokhapokha ndalama ikalowa, palibe choti mufufute, chifukwa invoisiyo sinalowepo m'phindu lanu. Mtengo umene munagulira katunduyo uli kale m'zogula zanu.

Munthu uja akadzabwera ndi ndalama patapita chaka?

Landirani, mulembereni lisiti. Tinene kuti mu Juni 2025 kontilakitala uja watulukira ndi K400,000. Choyamba bwezeretsani K400,000 pa akaunti yake, debiti ku `Accounts Receivable` ndi kirediti ku akaunti ya zokayikitsa, kapena ku akaunti ya ngongole zobwezedwa ngati mumatsata njira yachiwiri ija. Kenako lembani kulandira ndalama monga mwa nthawi zonse. Kudutsira pa dzina lake kumathandiza kuti mbiri yake ioneke yonse, zakuti anathawa komanso zakuti anabwezako. Musailembe ngati malonda atsopano. Ngati munachotsera ngongoleyi pa msonkho, ndalama yobwerayi imawerengedwanso pa msonkho wa chaka chimene yabwera.

K800,000 yotsalayo musaibwezeretse m'mabuku chifukwa cha lonjezo lapakamwa. Muuzeni asaine pepala lovomereza ngongole yotsala ndi masiku olipira. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma ku khoti ngongole ya malonda ili ndi malire: lamulo la dziko lino limapereka zaka 6 zoti musume. Kulipirako pang'ono kapena kuvomereza ngongole molemba ndi kusaina kumayambitsanso kuwerenga zakazo, choncho pepala limenelo lisungeni bwino.

Ndani ayenera kuvomereza kufufuta?

Mwini bizinesi, kapena munthu amene salandira ndalama kwa makasitomala komanso salemba malisiti. Apa m'pamene ndalama zambiri zimabedwera mwakachetechete. Wotolera ngongole amalandira K250,000 kwa kasitomala wa ku Namadzi, kapena amamuuza atumize pa foni yake, ndiye n'kumabwera ku ofesi mwezi ndi mwezi kuti munthu uja sakupezeka. Chaka chikatha invoisi imafufutidwa, ndipo palibenso amene amaifunsa.

Musanasaine, imbani nokha foni kwa kasitomalayo, kapena mutumizireni sitetimenti kudzera mwa munthu wina. Amene analipira kale amakwiya msanga ndipo amakuonetsani uthenga wa pa foni wotsimikiza kuti ndalama inapita, ndi nambala imene inalandira. Khalaninso tcheru ngati ngongole zofufutidwa zikuchuluka kwa wogulitsa mmodzi, kapena ngati kasitomala amene akuti anathawa akupezeka akugulabe pa kashi pa kauntala yanu yomweyo. Invoisi iliyonse yofufutidwa ilowe m'kaundula wake, wokhala ndi dzina, nambala ya invoisi, ndalama, chifukwa, tsiku ndi siginecha ya wovomereza, ndipo kaundulayo azikhala pafupi ndi amene amaloleza ngongole zatsopano, kuti munthu yemweyo akabwera ndi dzina la kampani ina adziwike katundu asanakwere galimoto.